Lipoti la opaleshoni yoika bondo lochita kupanga: zolembamo ndi zimene zimaphonyeka

Opaleshoni yoika bondo lochita kupanga imatenga ola limodzi ndi theka kapena maola awiri, koma zitsulo zimene zaikidwazo zimakhala m'thupi zaka 15, 20 kapena kupitirira apo. Bala likangosokedwa palibenso amene angaone ndi maso zimene zachitika m'katimo. Chimene chimatsala ndi tsamba limodzi kapena awiri amene dokotala amalemba asanachoke ku fiyeta, ndipo tsamba limenelo ndilo lipoti la opaleshoni. Silifanana ndi kalata yotulutsira wodwala m'chipatala, silifanananso ndi pepala la dokotala wogonetsa, ngakhale atatuwa amasungidwa m'fayilo imodzi. Lipotili limanena chimene chinapezeka bondo litatsegulidwa, chimene chinachitidwa, chimene chinasiyidwa m'thupi, ndi zoyenera kuchita kuyambira pamenepo.

Olemba lipoti amakhala kuti anaona zonse, koma oliwerenga panalibe. Woyamba kuliwerenga ndi namwino wa m'wodi usiku womwewo, amene akufuna kudziwa mankhwala oti apereke ndi zizindikiro zoti ayang'anire. Wachiwiri ndi wa fiziyo m'mawa mwake, amene funso lake ndi lakuti mwendo upondedwe kapena ayi. Wachitatu sadziwika dzina, ndipo mwina panopa akadali pa sukulu: ndi dokotala amene patapita zaka khumi adzatsegulanso bondolo chifukwa layamba kuwawa kapena lalowa tizilombo. Mzere uliwonse wa lipoti umayesedwa ndi anthu atatuwa. Ngati mmodzi wa iwo afunika kuimba foni kuti amvetse, ndiye kuti mzerewo sunakwane.

Bungwe la madokotala a opaleshoni la Royal College of Surgeons of England linaika mndandanda wa zofunika kulemba m'buku lake la malangizo la 2014, ndipo zipatala za m'maiko ambiri zimautsatira. Mndandandawo ndi wa opaleshoni iliyonse, kaya ya chophukacho kaya ya mtima. Bondo lili ndi zakezake zowonjezera, ndipo kuti zimveke pafunika kudziwa kaye chimene opaleshoniyi imachita.

Bondo ndi pokumana mafupa atatu: fupa la ntchafu, fupa la msongolo, ndi kafupa kozungulira ka kutsogolo kamene madokotala amati patela. Nsonga za mafupawa zimakutidwa ndi chicherewecherewe chosalala. Nyamakazi ikachidya mpaka fupa kumakhudzana ndi fupa linzake, dokotala amasenga nsongazo ndi sowo, mamilimita ochepa chabe, n'kuvekapo chitsulo chokhota ku ntchafu ndi chitsulo chathyathyathya ku msongolo. Pakati pa ziwirizi amalowetsapo kapulasitiki kolimba. Zitsulozo kawirikawiri zimamatidwa ndi simenti ya mafupa. Motero bondo silichotsedwa lonse monga dzina limamvekera. Chimasinthidwa ndi pamwamba pokhulana pokha.

Mutu wa lipoti

Pamwamba pamalembedwa dzina la wodwala, tsiku lobadwa ndi nambala yake ya kuchipatala, ndipo izi zimabwerezedwa pa tsamba lililonse, chifukwa masamba amathothoka m'mafayilo. Pamatsatira tsiku ndi nthawi, maina a dokotala wochita opaleshoni, womuthandiza, wogonetsa, ndi namwino wopereka zida. Kumene madokotala akuphunzira ntchito, lipoti limanena amene anagwira mpeni ndi amene ankayang'anira.

Kenako pamabwera dzina la opaleshoni ndi mbali ya thupi. Mbaliyo imalembedwa ndi mawu onse, bondo lakumanzere kapena lakumanja. Zilembo za L ndi R zolembedwa mothamanga zimatha kufanana, ndipo munthu wa nyamakazi ya mawondo onse awiri amadzabweranso kudzachititsa linalo, nthawi zina patangopita miyezi. Fayilo yake ikakhala ndi malipoti awiri ofanana, chilembo chimodzi chosaoneka bwino chimasokoneza zonse zokhudza zitsulo zimene zili mbali iyi ndi zimene zili mbali inayo. Cholakwa chofala ndi chakuti mutu umanena kumanzere pamene m'kati mwa lipoti mwatchulidwa kumanja, ndipo chimachitika kwambiri pamene lipoti lakopedwa pa la wodwala wina. Lipoti limanenanso kuti mwendo unaikidwa chizindikiro wodwala ali maso, ndi kuti mafunso otsimikizira a bungwe la WHO, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2008, anafunsidwa mpeni usanakhudze khungu.

Zisanayambe kudula

Pofuna kuona mmene mizere yotsatira imalembedwera, nachi chitsanzo chongoyerekeza. Mayi wa zaka 66 ali ndi nyamakazi ya bondo lakumanzere. Mwendo wake unapindika ngati wa matewe ndi madigiri 10, bondo silitambasuka lonse, limatsala madigiri 10, ndipo limapinda mpaka madigiri 100 okha. Manambala atatuwa amayesedwa mayiyo atachita kale dzanzi ndipo amalembedwa m'lipoti, popeza ndiwo poyambira. Bondo limene linkapinda pang'ono opaleshoni isanachitike kawirikawiri limapindanso pang'ono pambuyo pake, ndipo wa fiziyo akadziwa poyambira sayembekezera zosatheka kapena kukhutira ndi zochepa.

Mayiyo wabayidwa jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika. Wapatsidwa sefazolini, magalamu 2, nthawi ya 9:50, ndi tiraneksamiki asidi, galamu 1, wochepetsa kutaya magazi. Mzere wongoti mankhwala opha tizilombo aperekedwa ndi wosakwanira. Pamafunika dzina, mlingo ndi nthawi, chifukwa mankhwalawa ayenera kulowa m'thupi m'kati mwa ola limodzi khungu lisanadulidwe, komanso lamba wa pa ntchafu asanapopedwe. Lambayo amatseka magazi kuti asapite kumwendo, ndiye mankhwala operekedwa iye atapopedwa kale safika pa bondo pa nthawi imene akufunika. Bondo likadzalowa tizilombo, funso loyamba la ofufuza limakhala la nthawi imeneyi.

Lambayo ali ndi mzere wakewake: anapopedwa pa 280 mmHg nthawi ya 10:12, anaphwetsedwa 11:30, mphindi 78. Malire amene madokotala ambiri amatsatira ndi maola awiri, chifukwa kupitirira apo minofu ndi mitsempha ya mauthenga zimayamba kuvulala. Nthawi yopopera imalembedwa kawirikawiri, koma yophwetsera imaiwalika, popeza pa nthawiyo aliyense amakhala akuyang'ana pamene magazi akutuluka. Popanda nthawi yachiwiriyo, wodwala akadandaula ntchafu kapena dzanzi la phazi palibe amene anganene ngati lambayo anakhalitsa. Madokotala ena sagwiritsa ntchito lambayu n'komwe, ena amamupopa pa nthawi yomata simenti yokha. Zonsezo n'zololedwa, bola zilembedwe momwe zinachitikira.

Zopezeka ndi zochitidwa

Khungu limadulidwa molunjika pakati pa bondo, ndipo thumba la bondolo limatsegulidwa cham'kati mwa patela, mbali yoyang'ana mwendo winawo. Njira imeneyi ndiyo yofala. Ngati panali chipsera chakale, lipoti limanena ngati mpeni unadutsa m'chipseracho kapena pambali pake, chifukwa khungu la pakati pa zipsera ziwiri zoyandikana limachedwa kupola ndipo nthawi zina limafa.

Gawo la zopezeka ndilo limalembedwa mwaulesi kuposa onse. Malipoti ambiri amangoti nyamakazi, zomwe zinkadziwika kale wodwala asanagonekedwe. Chofunika ndi chimene maso anaona. Kwa mayi uja, chicherewecherewe cha mbali ya m'kati chinatheratu mpaka fupa linkanyezimira, cha mbali ya kunja chinadyeka pang'ono, ndipo cha pansi pa patela chinali chikadali bwino ndithu. Madzi a m'bondo anali oyera, opanda chizindikiro cha mafinya. Fupa linali lofewerapo. Ndipo panali chinthu chimodzi chimene ekisire sinaonetse.

M'kati mwa bondo muli zingwe ziwiri zolimba zopingasana, zimene madokotala amati maligamenti, china kutsogolo china kumbuyo. Chakutsogolo chimachotsedwa pafupifupi pa opaleshoni iliyonse yotere. Chakumbuyo chikhoza kusungidwa kapena kuchotsedwa, ndipo chisankhocho chimasintha mtundu wa zitsulo. Chikasungidwa amaika mtundu umene pa bokosi pamalembedwa CR. Chikachotsedwa, nthawi zambiri amaika wolembedwa PS, umene kapulasitiki kake kali ndi kamtengo koimirira pakati kolowa m'kabowo ka chitsulo cha ku ntchafu, n'kumagwira ntchito ya chingwe chochotsedwacho. Kwa mayi uja dokotala anakonzekera mtundu woyamba, koma atatsegula anapeza chingwe chakumbuyo chitaonda ndi kutamuka, choncho anachichotsa n'kusintha mtundu. Lipoti labwino limanena kusinthaku ndi chifukwa chake m'mizere iwiri. Mapulasitiki a mitundu iwiriyi salowana m'malo, ndiye dokotala wa m'tsogolo akauzidwa mtundu wolakwika amaitanitsa chinthu chimene sichigwira ntchito.

Kasengedwe ka mafupa kamalembedwa ndi manambala. Fupa la ntchafu silitsika choongoka kuchokera m'chiuno, limapendekera m'kati, choncho nsonga yake imadulidwa mopendeketsa, kawirikawiri madigiri 5 mpaka 7, kuti mwendo wonse uime choongoka. Kwa mayiyu anasankha madigiri 5, n'kuchotsa mamilimita 9, ndipo chitsulo anachitembenuzira kunja madigiri 3 kuti patela aziyenda m'njira yake. Fupa la msongolo linadulidwa chopingasa ndendende, lotsetserekera kumbuyo madigiri 3, mamilimita 9 poyeza kumbali imene sinadyeke kwambiri. Kwa munthu wamba manambalawa angaoneke ngati okongoletsa lipoti, koma bondo likadzakhala louma kapena logwedera, ndiwo amasonyeza ngati vuto linayambira pa kadulidwe. Kutembenuka kwa chitsulo makamaka sikuoneka pa ekisire wamba.

Mwendo wopindika umakhala ndi minyewa yokungika mbali imodzi, ndipo dokotala amaimasula pang'onopang'ono mpaka mbali zonse ziwiri zikungike mofanana, bondo litatambasuka komanso litapinda. Mawu oti minyewa inamasulidwa sauza munthu kanthu. Lipoti limatchula chimene chinamasulidwa: kwa mayiyu, timafupa tomera m'mbali tinachotsedwa, ndipo chingwe cha mbali ya m'kati chinasendedwa pang'ono pa fupa la msongolo, gawo lake lakuya lokha.

Zitsulo zenizeni zisanamatidwe, amayamba aika zoyesera. Apa ndi pamene pamabadwa cholakwa chobisika kwambiri. Dokotala anayesa kapulasitiki ka mamilimita 10, ndipo nambala imeneyo inanenedwa mokweza m'fiyeta. Koma kuchotsa chingwe chakumbuyo kumakulitsa mpata bondo likapinda, ndipo poyesanso simenti itauma bondo linapezeka logwedera pang'ono, motero kamene kanaikidwa komaliza ndi ka mamilimita 12. Wolemba lipoti modalira kukumbukira akhoza kulemba 10, chifukwa ndiyo nambala imene anaimva poyamba ndiponso kangapo. Njira yopewera ndi yakuti manambala a zoikidwa asachokere m'mutu, azikopedwa pa masitika a m'mabokosi amene anatsegulidwa.

Gawoli limatha ndi mayeso omaliza: bondo linatambasuka lonse, linapinda madigiri 125, silinagwedere mbali iliyonse, ndipo patela anayenda pakati osafuna kumukankha ndi chala. Za patela lipoti liyenera kunena poyera ngati anavekedwa kapulasitiki kapena anasiyidwa, popeza madokotala amasiyana pa nkhaniyi ndipo kusatchula sikutanthauza kuti anasiyidwa. Wa mayiyu anasiyidwa, anangomusadza m'mbali.

Masitika

Bokosi lililonse la chitsulo kapena pulasitiki limabwera ndi masitika angapo ofanana. Pa sitika pamakhala dzina la kampani, dzina la mtundu, saizi, mbali ngati chinthucho chili ndi mbali, tsiku lothera mphamvu, nambala ya chinthucho pafupi ndi zilembo za REF, ndi nambala ya gulu limene chinapangidwira limodzi pafupi ndi zilembo za LOT. Sitika imodzi imamatidwa pa lipoti, ina m'kaundula wa ku fiyeta, ina pa fomu ya kaundula wa dziko kumene aliko. Kwa mayi uja masitika ndi anayi: chitsulo cha ku ntchafu cha saizi 4 chakumanzere, cha ku msongolo cha saizi 3, kapulasitiki ka mamilimita 12, ndi simenti. Ya simenti ndiyo imatayidwa kawirikawiri pamodzi ndi zinyalala, ngakhale simentiyo imakhala m'thupi mofanana ndi zitsulo, ndipo yambiri imakhala yosakanizidwa ndi mankhwala opha tizilombo monga jentamaisini, amene dokotala wina adzafuna kuwadziwa.

Saizi si muyeso wofanana pa dziko lonse. Saizi 4 ya kampani ina si saizi 4 ya inzake, ndipo kapulasitiki ka kampani ina sikagwira pa chitsulo cha kampani ina, chifukwa kalumikizidwe kake n'kosiyana. Zitsulo za ku ntchafu zambiri zimakhalanso ndi mbali, chakumanzere ndi chakumanja. Ku England, kuika chitsulo cha mbali yolakwika kapena zigawo zosagwirizana kuli pa mndandanda wa zolakwa zimene siziyenera kuchitika n'kamodzi komwe, ndipo zolakwa zina zotere zimadziwika pokhapokha munthu wina akayerekeza masitika opaleshoni itatha.

Phindu la masitika limaoneka bwino bondo likalowa tizilombo m'masabata oyambirira. Pamenepo nthawi zambiri zitsulo zimatha kupulumuka ngati bondo litsegulidwa msanga, kutsukidwa bwino, ndi kusintha kapulasitiki kokha. Koma katsopanoko kayenera kukhala kali pa tebulo bondo lisanatsegulidwe, ka kampani yomweyo, mtundu womwewo, saizi yogwirizana. Ekisire imatha kusonyeza maonekedwe a chitsulo, koma pulasitiki siioneka, ndipo mitundu yambiri imafanana. Kumene zida zotere zimachita kuitanitsidwa kunja, monga ku Malawi, masiku otayika pofufuza dzina la mtundu ndi masiku amene tizilombo tikukhazikika pa chitsulo, ndipo tikakhazikika zitsulo zonse zimayenera kuzulidwa.

Nambala ya gulu ili ndi ntchito ina. Mu 2021 ndi 2022 kampani ya ku America ya Exactech inaitanitsa mapulasitiki ake ambiri a m'mawondo kuti abwezedwe, zitadziwika kuti matumba amene ankasungidwamo sankatchinga mpweya mokwanira, zomwe zimachititsa pulasitiki kuperepeseka msanga. Zikatero chipatala chimayenera kupeza odwala onse amene anaikidwa zinthuzo, ndipo chingathe kutero pokhapokha ngati manambala anasungidwa. Makaundula a maiko amaimanso pa manambala omwewa. Sweden inayamba kaundula wa mawondo mu 1975, England ndi Wales anayamba wawo mu 2003, ndipo Malawi anayamba wake mu 2005, mogwirizana ndi chipatala cha Beit CURE ku Blantyre. Kaundula amasonyeza mitundu imene ikukhalitsa ndi imene ikulephera msanga, koma sangapose malipoti amene amamudyetsa.

Pamene zinthu sizinayende bwino

Opaleshoniyi ili ndi ngozi zake zodziwika. Sowo ikhoza kudula chingwe cha mbali ya m'kati. Fupa likhoza kung'aluka pokhomera chitsulo, makamaka likakhala lofewa. Sowo ikhoza kulowa pang'ono kutsogolo kwa fupa la ntchafu n'kusiya mphako imene imalifooketsa. Mnyewa wa pansi pa patela ukhoza kuyamba kusendeka pa fupa. Kumbuyo kwenikweni kwa bondo kumadutsa mtsempha waukulu wa magazi, ndipo kuvulala kwake, ngakhale sikuchitika kawirikawiri, kungatayitse mwendo.

Chiyeso chosalemba zoterezi chimakhalapo, makamaka vuto likakonzedwa pomwepo ndipo bondo likuoneka bwino. Kusalembako kumavulaza wodwala mwachindunji. Chingwe cha m'kati chikadulidwa n'kusokedwa, wodwala amafunika chothandizira bondo chopinda chakutsogolo kokha kwa masabata ngati 6. Lipoti likakhala chete, wa fiziyo amamuyendetsa monga wina aliyense, ulusi umaduka, bondo limayamba kugwedera. Kalembedwe koyenera n'kosavuta: chimene chinachitika, pamene chinadziwika, mmene chinakonzedwera, ndi chimene chasintha pa chisamaliro. Sipafunika kudziteteza kapena kuloza wina chala. Ngati sipanachitike vuto, lipoti limanenanso zimenezo, kuti wowerenga asakayike ngati mzerewo unangoiwalika.

Mafomu okonzeratu a pa kompyuta athandiza pa nkhani ya zolemba zosawerengeka, ndipo kumene ayesedwa mizere yoiwalika imachepa. Koma abweretsa vuto lawo, limene ndi loopsa kuposa kalembedwe koipa chifukwa silioneka. Fomu imabwera itadzazidwa kale ndi opaleshoni yoyenda bwino, ndipo wolemba amayenera kusintha zosiyana zokha. Atatopa ndi opaleshoni yachitatu ya tsikulo, amasintha saizi n'kusiya zina. Lipoti la mayi uja likhoza kunena kuti chingwe chakumbuyo chinasungidwa pamene sitika ya pansi pake ikunena PS, kapena kuti paipi yotulutsa magazi inaikidwa pamene panalibe. Lipoti lopanda mzere limachenjeza wowerenga kuti afunse, pamene lotaipidwa bwino koma lonama limakhulupiriridwa. Chizindikiro chake ndi kutsutsana kwa mawu ndi masitika, kapena malipoti a odwala osiyana ofanana liwu ndi liwu mpaka pa zopezeka.

Kutseka ndi malangizo

Kutseka kumalembedwa mwachidule: bondo linatsukidwa, mankhwala oletsa ululu anabayidwa m'minyewa yozungulira ndipo dzina ndi mlingo wake ndi izi, paipi inaikidwa kapena ayi, thumba la bondo linasokedwa ndi ulusi wakuti, khungu linatsekedwa ndi timawaya kapena ulusi. Namwino amafuna kudziwa ngati ulusiwo ndi wosungunuka wokha kapena wochotsa. Mzere woti gozi, singano ndi zida zinawerengedwa n'kukwanira sumasiyidwa. Magazi otayika amalembedwanso, koma nambalayi imanyenga. Lamba akapopedwa, m'fiyeta mumaoneka magazi ochepa, mwina mamililita 100 kapena 200, pamene ambiri amatayikira m'bondo ndi m'minofu maola otsatira. N'chifukwa chake malangizo amalamula kuyeza magazi tsiku lotsatira ngakhale nambala ya m'fiyeta ikhale yaing'ono.

Malangizo a pambuyo ndiwo amawerengedwa kwambiri, ndipo mawu amene amawaononga ndi oti monga mwa nthawi zonse. Mawuwa amagwira ntchito m'wodi imene imalandira mawondo sabata iliyonse. Kwa namwino wobwereka ku wodi ina, kapena kiliniko ofesala wa mafupa pa chipatala cha boma kumene wodwala adzakachotsetsa timawaya, alibe tanthauzo. Kwa mayi uja malangizo athunthu akuti aponde ndi mphamvu zonse monga angathere, ayambe kuyenda ndi chogwirira tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, apinde bondo popanda malire, ajambulidwe ekisire ya kutsogolo ndi ya m'mbali asanatuluke, timawaya tichotsedwe pa masiku 14, ndipo adzaonedwe ku kiliniki patatha masabata 6. Mankhwala opha tizilombo amalembedwa ndi nthawi yowasiyira, imene kawirikawiri siipitirira maola 24.

Mankhwala oletsa magazi kuundana m'mitsempha ya mwendo amafuna zinthu zinayi: dzina, mlingo, nthawi yoyambira ndi tsiku losiyira. Malangizo a ku England amalola asipilini kapena jakisoni wa hepalini kwa masiku 14, kapena mapiritsi ena a mtundu watsopano. Nthawi yoyambira ndi yofunika kwa wobayidwa pamsana, chifukwa mankhwalawa akaperekedwa msanga magazi akhoza kutuluka pafupi ndi mtsempha wa msana. Tsiku losiyira likasowa, ena amasiya atangotuluka m'chipatala, ena amamwa miyezi.

Mzere wina ndi wa phazi. Lipoti limanena mmene phazi linaliri pochoka m'fiyeta, ngati linali lofunda ndipo magazi ankamveka kugunda, n'kulamula kuti lizionedwa pafupipafupi. Mtsempha wa mauthenga umene umadzutsa phazi umadutsa kunja kwa bondo, ndipo umakokeka mwendo ukaongoledwa, makamaka kwa amene mawondo awo anali ogundana. Dzanzi la jakisoni wa pamsana likatha koma wodwala akulephera kudzutsa phazi, chochita choyamba ndi kumasula bandeji, kupinda bondo ndi kuitana dokotala. Namwino angasiyanitse vutoli ndi dzanzi la mankhwala pokhapokha ngati lipoti lanena majakisoni onse ochititsa dzanzi amene anabayidwa ndi malo ake.

Lipoti limalembedwa opaleshoni ikangotha ndipo limapita ku wodi pamodzi ndi wodwala. Lolembedwa madzulo, opaleshoni zina zitadutsa, limasakaniza manambala a odwala. Womuthandiza akalemba, dokotala wamkulu amaliwerenga asanasainire, ndipo siginecha imatsagana ndi dzina lolembedwa momveka, tsiku ndi nthawi. Cholakwa chikapezeka pambuyo sichifufutidwa kapena kupakidwa utoto woyera, ndipo tsamba silisinthidwa ndi lina. Pamadulidwa mzere umodzi kuti zakale zizionekabe, zolondola zimalembedwa pambali, n'kusainira ndi tsiku la kukonzako. Pa kompyuta zimalowa ngati zowonjezera zokhala ndi tsiku lake.

Wodwala akhoza kupempha kope la lipoti pamodzi ndi tsamba la masitika. Izi n'zofunika kwambiri kwa amene amakachitidwa opaleshoniyi ku India kapena ku South Africa n'kubwerera kumudzi, chifukwa kalata yotulutsira m'chipatala nthawi zambiri imangonena dzina la opaleshoni popanda mtundu ndi saizi ya zoikidwa. Kopelo limasungidwa pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala, ndipo masitika ndi bwino kuwajambulanso pa foni moti manambala a REF ndi LOT aziwerengeka.